Mmene mungasinthire chithunzi cha pafoni kuti chioneke ngati cha filimu yakale

Mafiluta a "chikale" omwe ali mmafonimu ambiri amangothira chikasu pachithunzi chonse basi, nde chimatuluka ndi chithunzi cha dzulo chomwe chavala chikasu, aliyense amadziwa kuti nchadzulo. Chithunzi chenicheni cha filimu chija mumachipeza mu alubamu ya agogo chili ndi zifukwa zake zomwe chimaonekera choncho, mitundu inasuluka mwanjira yake, kuwala kunalowa mukamera podzera malo ake, ndipo mukadziwa zifukwazo mutha kuzipanga nokha mmodzimmodzi mpaka munthu kukhulupilira. Apa ndikuonetsani pa Photoshop, koma ngati mulibe tsegulani Photopea pa intaneti, ndi yaulere ndipo mayina a zinthu ndi omwewo pafupifupi onse. Pakompyuta ndiye zimaphweka, pafoni zimatheka koma sikirini imachepa.

Kuti tisamayankhule zammwamba titenge chithunzi chimodzi tiyende nacho mpaka kumapeto. Mayi waima panja patsiku la chinkhoswe, wavala chitenje chofiira, kumbuyo kwake kuli khoma la njerwa zootcha, kumanja kuli mtengo wa mango womwe wachita mthunzi wakuda ndithu, kumanzere kumwamba kukuoneka thambo lowala. Chajambulidwa ndi foni masana, kukula kwake ndi mapikiseli 4000 mulitali ndi 3000 mulifupi. Manambala onse ndipereke ndi a chithunzi cha saizi imeneyi, chanu chikakhala chaching'ono ndi theka nde manambala a Blur muwachepetsenso ndi theka.

Yambani ndi kuchotsa fungo la foni

Filimu yomwe ojambula ambiri ankagwiritsa ntchito inali ya 35 mm, ndipo chithunzi chilichonse pa negetivu chimakhala 36 mm ndi 24 mm, kutanthauza 3:2. Foni imajambula 4:3. Nde tengani Crop Tool, ikani 3:2, dulani. Chathu chija chitsala 4000 ndi 2667. Podulapo yesetsani kutaya zinthu zomwe zikuulula chaka, kaya ndi mbale ya setilaiti padenga, kaya wina ali pakona akujambula ndi foni yake, kaya botolo la pulasitiki pansi. Zomwe sizikudulika zifufuteni ndi Spot Healing Brush.

Chachiwiri nchakuti foni imanola chithunzi kwambiri, tsitsi lililonse ndi mphepete mwa njerwa iliyonse zimachita kuthwa, pomwe malenzi a makamera otchipa akale komanso pepala losindikizirapo zinkafewetsa zonsezo. Dinani Ctrl+J kuti mukhale ndi leya yachiwiri ya chithunzicho, kenako Filter > Blur > Gaussian Blur muike 1 px. Musapitilire 1.5, cholinga sikuti chioneke chosafokasa ayi, tikungochotsa kuthwa kuja. Leya yoyambayo musaikhudze, ndi pothawira zikasokonekera.

Kusulutsa

Apa mpomwe pali mtima wa ntchito yonse nde tikhalitsapo pang'ono. Chithunzi cha papepala chikakalamba utoto wake umachepa mphamvu, nde malo omwe anali akuda bii sakhalanso akuda bii, amakhala otuwirako, ndipo pepala lenilenilo silikhalanso loyera mbee. Pakompyuta kuda kwenikweni ndi 0, kuyera kwenikweni ndi 255. Chithunzi chosuluka chimakhala kuti sichikufika ku 0 komanso sichikufika ku 255, chikusewera pakati, tinene kuyambira 25 mpaka 240.

Pitani Layer > New Adjustment Layer > Curves. Muona mzere wochoka pakona yapansi kumanzere kukwera mpaka pakona yapamwamba kumanja. Kadontho kapansi kumanzereko ndi ka malo akuda, kagwireni mukakweze molunjika mmwamba mpaka Input ikhale 0 ndipo Output ikhale 25. Ngati pulogalamu yanu sikuonetsa manambala, ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kutalika kwa bokosilo. Kadontho kapamwamba kumanja katsitseni, Input 255 Output 240.

Mukangosiyira pamenepa chithunzi chimaoneka ngati chili kuseli kwa utsi, chonse chafota, ndipo anthu ambiri amalekera pompa nkumadabwa kuti bwanji sichikukoma. Filimu sinali yofota pakati, inali ndi mphamvu pa nkhope ndi zovala, kufooka kunali kumapeto kokha. Nde onjezani timadontho titatu pamzerewo podina pamzere pomwepo.

```
Input 64   Output 70
Input 128  Output 135
Input 192  Output 200
```

Mukayang'ana mzerewo tsopano uli chogona pang'ono pansi, wakwera bwino pakati, nkugonanso pamwamba. Pamwambapo mpofunika kwambiri chifukwa filimu ya negetivu siithothoka mwadzidzidzi pamalo owala ngati mmene foni imachitira, imapita kuyera mwapang'onopang'ono. Pachithunzi chathu mthunzi wa mango uja usiya kukhala dzenje lakuda, thambo lisiya kuthobwa mmaso, koma mayi uja akhalabe ndi thupi.

Mungadziwe bwanji kuti mwapyola? Output ya kadontho kapansi ikadutsa 40 tsitsi limayamba kuoneka lotuwa, maso ndi nsidze zimasowa mphamvu. Kwa ine 20 mpaka 30 ndi pabwino pa zithunzi za anthu, 35 ndimaifika pa zithunzi za malo zokha zomwe mulibe nkhope.

Mitundu, ndipo musankhe nkhani imodzi

Pepala la zithunzi zamitundu lili ndi utoto utatu wosanjikizana, wachikasu, wa majenta womwe ndi wofiira mopita ku pinki, ndi wa sayani womwe ndi buluu wopita ku girini. Utoto utatuwu sukalamba mofanana. Zithunzi zambiri za mma 1970 ndi 1980 zomwe zinasungidwa mumdima, mu alubamu kapena musutikesi, utoto wa sayani ndi umene unayamba kutha, ndipo sayani akachepa chotsala chimapendekera kofiira, nchifukwa chake zithunzi za makolo athu zambiri zili zofiirira mwa njerwa, malo oyera atasanduka achikasu. Koma chithunzi chomwe chinapachikidwa pakhoma nkumaombedwa ndi dzuwa zaka ndi zaka chimapita kwina, chofiira ndi chikasu zimathawa nkutsala buluu wotuwa. Nkhani ziwiri zosiyana zimenezi, ndipo palinso yachitatu ya filimu yongotsukidwa kumene, monga Kodak Gold 200 yomwe imadziwika ndi kutentha kwa chikasu kapena Fujifilm Superia yomwe mithunzi yake imapendekera ku girini. Sankhani imodzi. Mukasakaniza zonse diso la munthu limadziwa kuti china chake sichili bwino ngakhale sangathe kuchitchula.

Ife titenga ya mu alubamu ija chifukwa ndi imene imagwirizana ndi khungu lathu komanso dothi ndi njerwa.

Pangani Curves ina yachiwiri, musaphatikize ndi yoyamba ija, kuti muzitha kuchepetsa mitundu osakhudza kusuluka. Pamwamba pa bokosi pomwe palembedwa RGB sankhani Blue. Chofunika kudziwa apa nchakuti mukatsitsa buluu mukuonjeza chikasu, mukatsitsa girini mukuonjeza majenta, mukatsitsa chofiira mukuonjeza sayani, zimayenda ziwiriziwiri choncho. Nde pa Blue tsitsani kadontho kapamwamba, Input 255 Output 225. Malo onse owala, thambo, mano, nsalu yoyera, atenga kachikasu ka pepala lakale. Kadontho kapansi ka Blue kakwezeni pang'ono chabe, Output 8, kuti mithunzi isachite chikasu chamatope.

Kenako sankhani Red. Kadontho kapansi Output 12, ndipo pakati ikani kadontho Input 128 Output 138. Uku ndiye kutha kwa sayani kuja tikukuyerekeza, ndipo muona kuti kukuonekera kwambiri mumthunzi wa mango, womwe tsopano uli wakuda mofiirira osati wakuda motuwa. Pa Green musachite zambiri, Input 128 Output 125 basi, kapena kungoisiya. Girini ndi wovuta, mukamusuntha ndi 10 yokha nkhope imasanduka ya pinki kapena ya munthu wodwala.

Tsopano mphamvu ya mitundu. Layer > New Adjustment Layer > Hue/Saturation. Pa Master tsitsani Saturation kufika -12. Koma ntchito yeniyeni ili pa mitundu iwiri yomwe imaulula foni msanga, girini wa masamba ndi buluu wa thambo, foni imaikometsera mopyola. Sankhani Greens, Saturation -25, Hue -10 kuti masamba apendekere kuchikasu. Mukaona kuti masamba sakusintha kwenikweni musadabwe, masamba ambiri pakompyuta amawerengedwa ngati Yellows, nde pitani kumeneko mutsitse -15. Blues ndi Cyans tsitsani -20 iliyonse. Reds musaikhudze, khungu la munthu limakhala mmenemo limodzi ndi chitenje chija, ndipo pazithunzi zakale chofiira ndi chimene chimatsala champhamvu zinzake zitafooka.

Khungu

Ichi ndimachitenga mwapadera chifukwa mafiluta ambiri ogulitsa komanso maphunziro ambiri apa intaneti amayesedwa pa anthu akhungu loyera, omwe nkhope zawo zili kumtunda kwa mzere wa Curves uja. Nkhope ya munthu wakuda ili kumunsi, malo omwewo omwe tangokweza ndi kusulutsa. Nde zomwe kwa mzungu zimangokhudza mthunzi wa jekete, kwa mayi wathu uja zikugwera pamphumi ndi mmasaya, ndipo zotsatira zake amaoneka wotuwa ngati sanadzole mafuta. Palibe amene angakuthokozeni pomupatsa chithunzi cha chinkhoswe chake ali mbuu.

Osangodalira maso chifukwa maso amazolowera msanga, yezani. Tsegulani Window > Info, ikani kasa pa tsaya pomwe pali kuwala kwapakatikati, osati ponyezimira, muwerenge R, G ndi B. Khungu lamoyo limakhala ndi R wamkulu, G pakati, B wochepa, ndipo pamakhala mpata woonekeratu. Tinene chithunzi chisanasinthidwe tsaya linali R 110, G 75, B 55, mpata wa R ndi B ndi 55. Mukatha zonsezi nkupeza R 118, G 100, B 92, mpata watsala 26 yokha, khungu latuwa. Manambala atatuwa akamayandikana ndiye kuti mtundu ukupita ku gireyi. Yesetsani kuti mpata usataye kupitilira gawo limodzi mwa magawo anayi a mmene unalili poyamba.

Kukonza kwake nkosavuta. Leya iliyonse ya Curves ndi ya Hue/Saturation ili ndi kabokosi koyera pambali pake, imeneyo ndi masiki. Dinani masiki ya Hue/Saturation, tengani burashi yofewa, Hardness 0, mtundu wakuda, Opacity 30%, mupake pankhope, pakhosi ndi mmanja kamodzi kapena kawiri. Chitaninso chimodzimodzi pa masiki ya Curves yoyamba ija koma kamodzi kokha. Musapake ndi 100% ayi, mukatero nkhope ikhala ya chaka chino pomwe china chilichonse ndi cha 1985, munthuyo aoneka ngati wamatidwapo. Curves yachiwiri ya mitundu ija isiyeni igwire khungu lonse, kufiirako kumalikomera.

Pomwepa mutha kudetsako makona pang'ono poti malenzi otchipa ankatero. Leya yatsopano, burashi yaikulu yakuda yofewa, pakani mmakona anayi, Blend Mode ikhale Soft Light, Opacity 20%. Munthu akatha kuloza kuti apa mwadetsa ndiye kuti mwachulutsa.

Kuwala kolowa mukamera

Chitseko chakumbuyo kwa kamera ya filimu chimakhala ndi timasiponji takuda mmphepete totchinga kuwala. Tikakalamba timanyenyeka, nde kuwala kumalowera pa hinji kapena mmbali mwa chitseko nkupsereza filimu. Nthawi zina ndi munthu amene watsegula chitseko filimu isanabwezedwe mkachitini kake. Zinthu zitatu zikutuluka pamenepa zomwe zikuuzeni mmene mungapangire zanu.

Mtundu wake nthawi zambiri umakhala wofiira ndi olenji. Filimu ili ndi zigawo zitatu zomva kuwala, chapamwamba choyang'ana ku lenzi chimamva buluu, chapakati girini, chapansi chimamva kufiira. Kuwala kochokera kuchitseko kukubwera chakumbuyo, nde kumayamba kumenya chigawo chomva kufiira chija. Kukachuluka kumadutsa nkufika pa girini, kufiira kuphatikiza girini pa kuwala kumapereka chikasu, kukachulukitsitsa kumafika zigawo zonse nkukhala koyera. Ndiye ndondomeko yake ndi imeneyo, pomwe kuwala kwalowera mpoyera mwachikasu, kenako olenji, kunja kwenikweni kufiira komwe kukuzilala. Zija mumaziona za pepo ndi buluu wowala zili mbali zonse zinayi ndi zokongoletsa chabe, sizinachokere kuchitseko cha kamera.

Chachiwiri, nthawi zambiri kumayambira mphepete. Chachitatu, filimu imayenda chopingasa mukamera ndipo hinji ndi yoimilira, nde pachithunzi chogona ngati chathuchi mzere wa kuwalako umakhala woimilira, kuchoka mmwamba kutsika pansi. Chithunzi chikakhala choimilira, kutanthauza kuti wojambula anatembenuza kamera, mzerewo umakhala wopingasa kumwamba kapena kumunsi. Ambiri amaphonya pamenepa.

Tiyeni tipange. Layer > New > Layer, ikhale pamwamba pa zonse. Idzazeni ndi mtundu wakuda kudzera Edit > Fill, chithunzi chonse chibisika, musaope, sinthani Blend Mode kuchoka pa Normal kupita pa Screen ndipo chakudacho chisowa. Screen imagwira ntchito ngati kuwala kwenikweni, imangoonjeza, siidetsa kanthu. Masamu ake ndi awa, a ndi chithunzi, b ndi zomwe mwapaka.

```
255 - (255 - a) * (255 - b) / 255
```

Ndawaika dala chifukwa akutiuza mbali yoti tiike kuwalako. Mukapaka 200 pamthunzi wa mango womwe uli pa 30, zotsatira ndi 206, kusintha kwakukulu zedi. Mukapaka 200 yomweyo pathambo lomwe lili kale pa 230 mupeza 250, kusintha kochepa ndipo mtundu wa olenji suoneka nkomwe. Choncho pachithunzi chathu kuwala kupite kumanja kuli mtengo, osati kumanzere kuli thambo. Pachanu yang'anani mbali yomwe ili yakuda komanso yopanda nkhope.

Tengani burashi, Hardness 0, Opacity 100%, kukula 1400 px, mtundu `#c81e00`. Ikani pakati pa burashiyo pamphepete penipeni pakumanja kuti theka lake likhale kunja kwa chithunzi, mudine katatu kapena kanayi motsika, osati mofanana, pena mulowe mkati pang'ono pena mubwerere. Chepetsani burashi kufika 800 px, mtundu `#ff7a1a`, pakani mkati mwa chofiiracho kufupi ndi mphepete. Kenako 400 px, mtundu `#ffe08a`, malo amodzi okha kapena awiri pamphepete penipeni pomwe mukuti mpomwe kuwala kunalowera. Panopa zikuoneka ngati zibaluni, nzabwinobwino. Pitani Filter > Blur > Motion Blur, Angle 90, Distance 900 px, zibaluni zija zikokedwa nkukhala mizere yoimilira. Malizani ndi Gaussian Blur ya 60 px kuti pasatsale mphepete yakuthwa.

Ngati mukufuna kuti zikhulupilike kwambiri onjezani kamzere kena kowonda kofiira kokha, kofooka, patali pang'ono ndi koyambako chamkati, tinene pa mapikiseli 900 kuchoka mphepete, burashi ya 200 px pa Opacity 40% musanapange Motion Blur. Zimachitika pa filimu yeniyeni kuti mizere imakhala iwiri yosiyana mphamvu.

Tsitsani Opacity ya leya yonseyo kufika pakati pa 55% ndi 70%. Kuwalaku kusadye kupitilira gawo limodzi mwa magawo asanu a chithunzi, ndipo kukafika pankhope ikani masiki muchotseko ndi burashi yofewa. Paphewa kapena pamkono kusiyeni kukhudze, chifukwa kuwala kolowa mukamera sikuzemba munthu, kukamuzungulira mwaulemu kumaoneka kuti nkopanga. Ndipo ngati mukukonza zithunzi 20 za mwambo umodzi, musaike kuwalaku pa zonse, ikani pa zitatu kapena zinayi ndipo chilichonse chikhale ndi mawonekedwe akeake. Kuwala kolowaku timakutcha liki, ndipo liki yofanana ndendende pazithunzi ziwiri imaulula zonse nthawi yomweyo.

Vuto lomwe limabwera apa ndi timizere tooneka ngati masitepe pomwe chofiira chikuzilala kulowa mumdima. Zimachitika chifukwa chithunzi cha 8 bit chili ndi masitepe 256 okha pa mtundu uliwonse, nde kusintha kwapang'onopang'ono pamtunda wautali kumaonekera. Musalimbane nazo panopa, sitepe yotsatirayi imaziphimba.

Timchenga ta filimu, ndipo tibwere pomaliza

Filimu imagwira kuwala ndi timibulu ting'onoting'ono ta siliva, ndipo filimu yothamanga monga ya ISO 400 ili ndi timibulu tokulirapo kuposa ya ISO 100, nchifukwa chake zithunzi zake zimaoneka zamchengamchenga. Timchengati timakhala pa chilichonse chomwe chili pafilimu, kuphatikizapo kuwala kolowa kuja, nde leya yake iyenera kukhala pamwamba pa zonse. Mukaiika pansi pa liki, chithunzi chikhala cha mchenga koma liki ili see, ndipo iyandama payokha.

Musanaike timchenga ganizani kaye komwe chithunzi chikupita. Mukaika pa 4000 px kenako nkuchichepetsa kufika 1600, timchenga timaphwanyika nkusowa. Nde sungani kaye ntchito yanu ngati PSD ndi maleya ake onse, kenako Image > Image Size muike saizi yomaliza. Cha pa intaneti 2048 px mbali yaitali ndi yokwana, chokasindikiza kusitudiyo chisiyeni pa 4000.

Pangani leya yatsopano, idzazeni ndi gireyi wapakati `#808080`, Blend Mode ikhale Overlay. Gireyi ameneyu pa Overlay saoneka. Filter > Noise > Add Noise, sankhani Gaussian, chongani Monochromatic, Amount 8% pa chithunzi cha 2048 kapena 12% pa cha 4000. Mukasiya choncho timadontho timakhala takuthwa ta pikiseli imodzi imodzi, tomwe ndi phokoso la kamera ya dijito osati filimu, nde pangani Gaussian Blur ya 0.6 px pa chaching'ono kapena 1 px pa chachikulu kuti tigwirane nkukhala timibulu. Overlay ili ndi ubwino woti imagwira kwambiri pakatikati nkumachepa pamalo owala kwambiri, nde thambo silidetsedwa.

Kuti muweruze bwino onani chithunzi pa 100%, dinani Ctrl+1 pa Photoshop. Pamenepo timchenga tizioneka bwino pakhoma ndi pachitenje. Mukabwerera poona chithunzi chonse tizingomveka, osati kuoneka ngati chithunzi chagwa mumchenga. Nkhope ikaoneka ngati ili ndi zotupa tsitsani Opacity ya leyayo kufika 60%.

Kuyeza zonse pamodzi ndi kutumiza

Sankhani maleya onse omwe mwaonjeza muwaike mugulu limodzi ndi Ctrl+G, kenako zimitsani ndi kuyatsa kadiso ka gululo kangapo. Yang'anani zinthu zitatu, nkhope ikadali ya munthu yemwe uja ndi khungu lake, chitenje chikadali chofiira osati bulauni, ndipo diso lanu likuyamba kupita kwa munthu osati ku liki. China chikalakwika pitani ku leya yake yokhayo, ndi ubwino wake wosiyanitsa maleya umenewu. Zonse zikaoneka zochuluka tsitsani Opacity ya gulu lonse kufika 80%. Ndi bwinonso kuchoka pakompyuta kwa mphindi zingapo nkubwerera, chifukwa mukayang'ana chikasu nthawi yaitali maso amayamba kuchiona ngati choyera nde mumangoonjezera.

Potulutsa sankhani JPG, Quality ikhale yapamwamba, pa Photoshop ndi File > Export > Export As ndipo chongani Convert to sRGB kuti mitundu isasinthe pamafoni a anthu, pa Photopea ndi File > Export as > JPG. Chithunzi cha timchenga chimalemera kuposa chosalala, musadabwe fayilo ikakula. WhatsApp ikamapanikiza chithunzi choyamba kufa ndi timchenga, timasanduka timabokosi ndipo masitepe aja a mu liki amabwereranso, choncho potumiza kwa mwini wake tumizani ngati Document kuti chifike mmene chilili. Chokasindikiza auzeni a kusitudiyo kuti asachikonze mitundu, makina awo ambiri amadzikonzera okha ndipo akaona chikasu ndi kusuluka kuja amayesa ndi vuto nkuzichotsa. Yambani mwasindikiza kamodzi kakang'ono ka 4 ndi 6 inchesi, komwe kali kale 3:2 nde sikadulidwa, mukaone padzuwa ngati khungu latuluka bwino musanalipire chachikulu, poti pepala limatulutsa mithunzi yakuda kuposa sikirini ndipo mwina mufunika kukweza kadontho ka Input 64 kaja kufika Output 76.